Kupepesa kasitomala wa ku Sipeni pa kuchedwa kwa katundu popanda kudzigwetsa pansi

Mayi Nachisale, Lilongwe

Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa Chisipanishi cholembera makalata a ntchito. Kampani imene ndimagwirako ntchito inagulitsa matani 18 a papirika wouma kwa kampani ina ya ku Murcia, ku Sipeni, ndipo tinagwirizana kuti kontena ikwezedwe m'sitima ku Beira pofika pa 30 Ogasiti. Titayeza chinyontho pa tsiku lopakira tinapeza kuti mabelo ena ali pa 15 peresenti pamene mgwirizano umanena 12, choncho tinawamasula n'kuyanikanso, ndipo sitima inatisiya. Tsopano tapeza malo m'sitima yonyamuka pa 19 Sepitembala, kutanthauza kuti katundu adzafika pa doko la Valencia ku Sipeni cha pa 28 Okutobala m'malo mwa kumayambiriro kwa mweziwo. Mayi amene amayang'anira zogula kumeneko timalemberana nawo m'Chingerezi, koma amavutika nacho, ndipo abwana akufuna kuti uthenga uwu wokha upite m'chinenero chawo. Nazi zimene ndalemba, ndipo dzina ndalisintha:

Querida Sra. María,
Espero que usted y su familia estén muy bien. Lo siento muchísimo, muchísimo. Le pido mil perdones por este terrible error. Estamos muy avergonzados y le suplicamos que nos perdone y que no deje de trabajar con nosotros. La entrega va a tardar un poco. Perdón otra vez por todas las molestias.

Abwana ataimva akuti ikumveka ngati taotcha nyumba yawo. Ndichotse ziti kuti ulemu ukhalebe koma usapitirire muyeso?

Bambo Mbewe, Blantyre

Mayi Nachisale, Chisipanishi chanu chilibe vuto lalikulu pa kalembedwe, koma abwana anu anena zoona. Ndinakhalako ku Valencia ndikumasulira makalata a amalonda, ndipo ndikukutsimikizirani kuti munthu wogula katundu akalandira kalata yotereyi amayamba ndi mantha, chifukwa mwapepesa kanayi, mwatchula manyazi, mwachonderera, koma simunamuuze kuti katundu wake afika liti. Mawu oti "va a tardar un poco", kutanthauza kuti achedwako pang'ono, ndiwo mawu okhawo okhudza nkhaniyo, komanso ndiwo mawu ofooka kwambiri m'kalata yonse. Kuchedwa kwa masabata atatu si pang'ono kwa munthu amene wakonza kale tsiku logaya papirikayo ndipo mwina walonjeza ufa wake kwa opanga masoseji. Akawerenga "terrible error" aganiza kuti katundu wawola kapena wagwidwa pa chipata, ndipo akadzamva kuti n'kuchedwa chabe, adzayamba kukayikira mawu anu ena onse.

Tiyambe ndi pamwamba. "Querida" ndi mawu olembera mnzanu kapena m'bale, pamene kasitomala amalemberedwa "Estimada" ngati ndi mayi, "Estimado" ngati ndi bambo. Ku Sipeni "Sra." amatsatizidwa ndi dzina la makolo, osati dzina loyamba. Anthu akumeneko amakhala ndi mayina a makolo awiri, ndipo nthawi zambiri loyamba ndi la bambo, lachiwiri la mayi. Ngati mayiwo amasaina kuti María Navarro Ruiz, inu mulemba "Estimada Sra. Navarro", osati "Sra. Ruiz", ngakhale kuti diso lozolowera Chingerezi limathamangira dzina lomalizalo. Mukatero muike madontho awiri, osati mpumiro wa koma, ndipo chiganizo chotsatira chiyambire pa mzere wina: "Estimada Sra. Navarro:". Ambiri masiku ano amaika koma potengera Chingerezi ndipo palibe amene angakwiye nazo, koma madontho awiriwo amasonyeza kuti wolembayo anasamala.

Za banja zichotseni. Kwathu kuno kuyamba nkhani usanafunse za kunyumba n'kupanda mwambo, koma kwa munthu amene simunaonanepo naye maso ndi maso ndipo mukumupatsa uthenga woipa, kufunsa za banja lake kumaoneka ngati mukuzengereza kunena chimene mwabwerera.

Bambo Sakala, Angonia

Mayi, ine Chisipanishi sindinachiphunzire m'kalasi, koma n'chachibale ndi Chipwitikizi chimene timalembera makalata kuno, ndipo zambiri zimangofanana. Ife timati "Pedimos desculpa pelo atraso", ndiye inu mungolemba kuti "Pedimos desculpas por el atraso" basi, mutseke ndi "Atenciosamente". Chiganizo chimodzi chopepesa n'chokwanira, ndipo pamenepa ndikugwirizana ndi Bambo Mbewe. Komanso muwonjezere mawu oti zachitika pa zifukwa zimene simukanatha kuziletsa, chifukwa makalata onse a makampani amatero, ndipo kasitomala akaona mawuwo amafatsa.

Bambo Mbewe, Blantyre

Bambo Sakala, pa za chiganizo chimodzi mwalasa, koma chibale cha zinenero ziwirizi chikhoza kuwagwetsa m'dzenje Mayi Nachisale. M'Chisipanishi ndi "disculpas", osati "desculpas", ndipo kutseka kalata ndi "Atentamente", chifukwa "Atenciosamente" ndi Chipwitikizi chenicheni. "Atraso" alipo m'Chisipanishi ndipo mayi wa ku Murcia amva, koma mawu amene iye mwini angalembe pa katundu wochedwa ndi "retraso".

Pa mfundo yanu yachiwiri sindikugwirizana nanu. Mawu amene mukunenawo alipodi, ndi "por causas ajenas a nuestra voluntad", ndipo amalembedwa kwambiri moti anthu sawamvanso kukoma. Koma pano sangakhale oona. Sitima sinasweke, doko silinatsekedwe, namondwe sanaombe: papirika anali ndi chinyontho m'nyumba yosungiramo katundu ya ogulitsa, ndipo ogulitsawo anasankha okha kumuyanikanso. Wogula papirika amadziwa bwino ntchito yake, adzafunsa chimene chinachitika, ndipo yankho lenileni likadzatuluka pambuyo pa mawu okana mlanduwo, ndiye kuti pakhala zinthu ziwiri zopepesa m'malo mwa chimodzi. Komanso chifukwa chenichenicho n'chowakomera Mayi Nachisale. Papirika wachinyontho akatsekeredwa m'kontena mwezi wathunthu amachita nkhungu, ndipo ku Ulaya amakana tsabola wouma amene poizoni wochokera ku chuku chake wadutsa malire. Munthu amene anaona vutolo asanatseke kontena wamupulumutsa wogula ku zambiri, ndiye palibe chifukwa chobisira.

Bambo Sakala, Angonia

Ndamva, achimwene, za kalembedwe ndavomera. Koma za kuulula chinyontho ndikukayikabe, chifukwa kasitomala akadziwa kuti nkhokwe yanu inalowa chinyontho ulendo uno, chaka chamawa adzayamba n'kutsitsa mtengo. Ine ndikanangonena kuti panali vuto pokonza katundu, osatchula manambala.

Mayi Gondwe, Houston

Ndiloleni ndiponyepo zanga ngakhale kuti makasitomala athu ndi a ku Mekisiko, osati a ku Sipeni. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yotumiza zipangizo za makina ku Monterrey, ndipo makalata opepesa ndimawaona pafupifupi sabata iliyonse, ochokera kwa ife ndi obwera kwa ife. Kumeneko ulemu umakhala wochulukirapo kuposa mmene Bambo Mbewe akufotokozera. Kalata imayamba ndi moni monga "Espero que se encuentre muy bien", ndipo ukangolowa m'nkhani popanda moniwo amakuona ngati wamwano. Sakonda kunena kuti "pedimos disculpas", amati "le ofrecemos una disculpa", ndipo mnzanga wina wa kumeneko anandiuza kuti kwa iye wolakwa amapereka chipepeso, sapempha. Pa kuchedwa ndimaona "demora" kawirikawiri, ndipo kuitana munthu kuti "señora María" si chachilendo konse. Tsono, Mayi Nachisale, kalata yanu yoyamba ija yachulukadi, koma ine sindikanachotsa moni wonse. Mzere umodzi wofunira munthu zabwino sudya ndalama.

Bambo Mbewe, Blantyre

Mayi Gondwe, zimene mwanenazo n'zoona ku Mekisiko, ndipo zikusonyeza kuti muyeso wa ulemu umasiyana ndi dziko ngakhale chinenero chili chimodzi. Anthu a ku Sipeni amalankhula mosazungulira poyerekeza ndi a ku Mekisiko kapena ku Kolombiya, ndipo chimene ku Monterrey chimamveka ngati ulemu wamba, ku Murcia chikhoza kumveka ngati kunyengerera. Kumeneko "pedir disculpas" ndiye mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amawaona ngati olakwika. Ngati Mayi Nachisale akufuna moni, "Buenos días" pamwamba kapena mzere umodzi waufupi ngati wanuwo sungawononge kanthu, bola usafike pa ana ndi adzukulu.

Pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna Mayi Nachisale akumvetse asanasankhe chiganizo chawo chimodzicho, chifukwa Chichewa chathu chimakuphimba. Ife timati pepani kwa munthu amene tamuponda, ndipo timatinso pepani kwa munthu amene wapunthwa yekha ife tili patali. M'Chisipanishi ziwirizi zili ndi mawu osiyana. "Lamentamos el retraso" ndi pepani wachiwiriyo: mukunena kuti kuchedwako kwakumvetsani chisoni, koma simunanene kuti mwalakwa ndinu. "Le pedimos disculpas por el retraso" ndi pepani woyambayo, wa munthu amene akuvomera kuti mbali ina ya nkhaniyi ndi yake. Sitima ikanachedwa yokha panjira mukanalemba "lamentamos". Popeza kontena inatsala chifukwa cha zochitika kwanu, mawu oyenera ndi "le pedimos disculpas", kamodzi, popanda "mil", popanda "muchísimo", komanso popanda "nuestras más sinceras disculpas", amene ndi mawu osungira tsiku limene mwatumiza katundu wowola. "Perdón" ndi "lo siento" ndi abwino polankhula pakamwa kapena pa foni, koma m'kalata ya kampani amamveka ngati nkhani ya anthu awiri okondana amene anayambana.

Chisomo, Mzuzu

Amayi, pepani kulowerera nkhani ya akuluakulu, koma ine ndikuona ngati kalata ikuchedwetsani. Bwanji osangowaimbira foni kapena kuwatumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, n'kuwauza kuti "perdona, María, llega tarde"? Mnzanga amene akuphunzira ku Granada akuti kumeneko aliyense amaitanana "tú", kutanthauza iwe, ngakhale ophunzira kwa aphunzitsi awo, ndipo "usted", amene ndi inu waulemu, ndi wa agogo okha.

Bambo Mbewe, Blantyre

Chisomo, mnzakoyo sananame kwenikweni, chifukwa ku Sipeni "tú" wafalikiradi kwambiri, ndipo amalonda ambiri amasiya "usted" akangolemberana kawiri kapena katatu. Koma amene amatsegula khomo limenelo ndi kasitomala, osati wogulitsa, ndipo tsiku lopepesa si tsiku loyambira kuzolowerana. Mayi Nachisale akhala akulemberana ndi mayiwa m'Chingerezi, mmene mulibe kusiyana kumeneku, choncho sakudziwa mbali imene mayiwo ali. Zikatero munthu umayamba ndi "usted". Akayankha kuti "Hola" n'kukutchula dzina loyamba, kapena akalemba kuti "puedes tutearme", kutanthauza kuti ukhoza kunditchula "tú", pamenepo ukhoza kutsika. Chofunika kusamala n'chakuti usasakanize: ukayamba ndi "le escribo" ndi "su pedido", usalembe "te envío" kapena "tu pedido" m'munsimo, chifukwa cholakwa chimenechi ndicho chimaoneka msanga m'makalata a ife ophunzira chinenerochi titakula.

Za foni uli ndi mfundo. Kuimba kaye kenako n'kutumiza kalata ndi njira yabwino, ndipo mwezi uno nthawi ya ku Murcia ndi ya ku Lilongwe ndi yofanana, mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala pamene iwo amabweza wotchi ndi ola limodzi. Aimbe m'mawa, chifukwa kuyambira 2 koloko masana ambiri amakhala ku nkhomaliro. Koma foni singalowe m'malo mwa kalata, popeza mayiwo afunika chinthu cholembedwa choti akaonetse abwana awo ndi oyang'anira chigayo.

Bambo Chirwa, Limbe

Ine ndine wa zotulutsa katundu pa chipata, Chisipanishi sindichidziwa, koma ndikuona kuti nonsenu mukukambirana za ulemu pamene kalatayi ndi umboni. Mayi Nachisale, munagulitsa pa mfundo ziti zoperekera katundu, FOB, CFR kapena zina? Ndikufunsa chifukwa pa FOB ndi pa CFR wogulitsa amakhala kuti wapereka katundu pamene wakwezedwa m'sitima pa doko lonyamukira, osati pamene wafika kwa wogula. Ndiye lonjezo limene mwaphonya ndi tsiku lokweza ku Beira, ndipo tsiku lofika ku Valencia si lanu kulonjeza. Katundu wochokera ku Beira nthawi zambiri amatsitsidwa pa doko lina n'kudikira sitima yachiwiri, ndipo pamenepo sabata imatha kutayika inu osalakwa chilichonse. Mukalemba kuti katundu adzafika pa 28 Okutobala ngati lonjezo, mwadzimangirira chingwe chimene mgwirizano sunakumangeni.

Chachiwiri, akulipirani bwanji? Ngati ndi kudzera m'kalata ya banki yotsimikizira malipiro, mumakhala tsiku lomaliza lokwezera katundu, ndipo likadutsa banki ikhoza kukana mapepala anu pokhapokha wogula atavomera kusintha tsikulo. Zikatero kalata yanu iyenera kupempha kusinthako, osati kungopepesa. Chachitatu, musalembe mawu alionse onena kuti mukusenza udindo wonse kapena kuti mudzabweza chilichonse chimene ataye. Ndinaonapo kampani ina italemba zotero pofuna kuoneka yaulemu, ndipo patatha miyezi iwiri inalandira invoisi ya masiku amene makina a wogula anakhala osagwira ntchito.

Mayi Nachisale, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Chirwa, tinagulitsa pa CFR Valencia, ndipo analipira gawo lina poyamba, lotsalalo adzalipira akalandira mapepala, choncho nkhani ya banki palibe. Koma mwanditsegula maso pa mawu oti "entrega", amene ndinawalemba ndikuganiza za kufika kwa katundu. Bambo Mbewe, kodi pali mawu osiyanitsa kukweza ndi kufika? Komanso ndinali nditaganiza zowonjezera "asumimos toda la responsabilidad" kuti aone kuti sitikuthawa mlandu, koma tsopano ndikuona kuti ndi mawu amene Bambo Chirwa akuwaletsawo.

Bambo Mbewe, Blantyre

Ndi omwewo, Mayi, ndipo asiyeni. Kupepesa chifukwa cha kuchedwa n'kuvomera chinthu chimene chachitika ndipo aliyense akuchiona, pamene "toda la responsabilidad" ndi chitseko chosatseka chimene simukudziwa kuti padzalowa chiyani. Mawu osiyanitsa alipo: kukweza m'sitima ndi "embarque", kufika ndi "llegada", ndipo mukawonjezera "estimada" mwanena kuti tsikulo n'longoyerekeza. Ndalemba motere, ndipo nambala ya oda muikepo yanu:

Asunto: Pedido 0417, nueva fecha de embarque

Estimada Sra. Navarro:

Le escribo para informarle de que el contenedor del pedido 0417 no se embarcó en Beira el 30 de agosto, como estaba acordado. En el control previo a la carga, parte del lote superaba el 12 % de humedad, por lo que decidimos secarlo de nuevo antes de enviarlo.

Le pedimos disculpas por el retraso. El embarque está reservado para el 19 de septiembre, con llegada estimada a Valencia el 28 de octubre. Le enviaré la copia del conocimiento de embarque y el nuevo análisis de humedad en cuanto zarpe el buque.

Si la nueva fecha afecta a su producción, le ruego que me lo indique para estudiar alternativas.

Un cordial saludo,

Kwa amene simumva Chisipanishi, ndime yoyamba ikunena kuti kontena ya oda imeneyi sinakwezedwe ku Beira pa 30 Ogasiti monga tinagwirizanirana, chifukwa poyeza tisanapakire gawo lina linapitirira 12 peresenti ya chinyontho, ndipo tinasankha kuliyanikanso. Ndime yachiwiri ikupepesa, ikupereka tsiku latsopano lokwezera ndi tsiku loyerekeza lofikira, kenako ikulonjeza kutumiza chikalata cha sitima ndi zotsatira za kuyezanso chinyontho sitima ikangonyamuka. Ndime yomaliza ikupempha mayiwo kuti anene ngati tsiku latsopanoli likusokoneza ntchito yawo, kuti pafunidwe njira zina.

Onani pamene ndaika chipepesocho. Chili pakati, chifukwa chikabwera koyambirira munthu sanadziwe chimene akupepesedwera, ndipo chikabwera kumapeto ndicho chimatsala m'mutu mwake m'malo mwa tsiku latsopano. Chikangotha, chiganizo chotsatira ndi tsiku, ndipo tsikulo ndilo limapatsa chipepesocho kulemera. Mawu oti "decidimos" ndawasankha dala, chifukwa akusonyeza kuti panali anthu amene anaona vuto n'kuchitapo kanthu, osati kuti zinangowagwera. "Le ruego" akhoza kukudabwitsani chifukwa m'dikishonale amatanthauza kuchonderera, koma m'makalata a ntchito a ku Sipeni ndi mawu wamba opemphera mwaulemu, osiyana kwambiri ndi "le suplicamos" amene munalemba aja, amene ndi a munthu wogwada pansi. Mutu wa imelo ndauika pa tsiku latsopano, osati pa kupepesa, kuti mayiwo akadzafuna uthengawu pakati pa ena ambiri adzaupeze mosavuta. Mayina a miyezi amayamba ndi chilembo chaching'ono m'Chisipanishi, musawakonze.

Bambo Sakala, mukuona kuti ndakumverani pang'ono: 15 peresenti sindinaitchule. Ndatchula malire a mumgwirizano okha, amene mayiwo akuwadziwa kale.

Mayi Gondwe, Houston

Kalatayi ndi yoyera, koma kwa khutu langa ikuzizira pang'ono. Ine ndikanawonjezera "Agradecemos su comprensión" isanatsekedwe, komanso "Quedo a su disposición para cualquier consulta", chifukwa pafupifupi kalata iliyonse imene ndimalandira imatha motero. Komanso, Bambo Mbewe, kuno timalemba "informarle que", popanda "de". Kodi "de" ameneyo sanalowe mwangozi?

Bambo Mbewe, Blantyre

Sanalowe mwangozi, Mayi Gondwe. Ku Sipeni olemba mosamala amati "informar de que", pamene ku maiko a ku Amereka "informar que" ndiye wofala, ndipo zonse ziwiri n'zovomerezeka. "Quedo a su disposición" akhoza kulowa popanda vuto, kungoti chiganizo chomaliza chija chikugwira kale ntchito yomweyo ndipo chikutchula chinthu chenicheni. Pa "Agradecemos su comprensión" ndiye ndimakayika. Mawuwa amathokoza munthu chifukwa cha kumvetsa kumene sanakupatseni, ndipo wogula amene wakwiya amawamva ngati mwamutseka pakamwa asanayankhule. Ndikudziwa kuti ambiri amawalemba ndipo ambiri amawawerenga osaona kanthu, choncho sindinganene kuti ndi olakwika. Ine ndikanawasunga kuti adzalowe m'kalata yachiwiri, mayiwo atayankha kuti avomera tsikulo, chifukwa pamenepo pamakhala chinthu choti muthokozedi.

Mayi Gondwe, Houston

Pamenepa tisiyana maganizo, Bambo. Kwa ine mawuwo ali ngati "zikomo" amene timanena podutsa pakati pa anthu okhala pansi, amene sayembekezera kuti anthuwo avomere kaye. Mayi Nachisale asankhe okha poona mmene mayiwo amalembera m'maimelo awo akale: ngati amalemba mizere iwiri n'kusaina, atsatire Bambo Mbewe, koma ngati amayamba ndi moni ndi kutsiriza ndi mafuno abwino, mzere umenewu ulowe.

Bambo Chirwa, Limbe

Ine chandisangalatsa ndi mawu oti "reservado" ndi "estimada", malinga ndi mmene mwawamasulira. Koma Mayi Nachisale, musatumize kalatayi musanaone ndi maso anu chitsimikizo cholembedwa chochokera kwa a sitima kuti malo a pa 19 Sepitembala alipodi, komanso tsiku lomaliza lolowetsera kontena pa doko, limene limakhala masiku angapo sitima isananyamuke. Muwerengere masiku a lole kuchokera ku Lilongwe, kudutsa pa chipata cha Dedza kapena Mwanza mpaka ku Beira, ndipo musiye mpata. Kalata yopepesa yoyamba kasitomala amailandira bwino, koma yachiwiri pa katundu yemweyo palibe Chisipanishi chimene chingaikometse. Chiganizo chomaliza chija, chonena za kufuna njira zina, nachonso chikundidetsa nkhawa pang'ono, chifukwa wogula wochenjera adzayankha kuti njira yake ndi kuchotsera mtengo kapena kutumiza matani awiri pa ndege.

Mayi Nachisale, Lilongwe

Nkhawa imeneyo ndi imene abwana ali nayo. Iwo akufuna kuti tichotse chiganizocho, koma mnzanga wa ku maakaunti akuti ndi bwino tiyambe ndife kupereka kuchotsera kwa 2 peresenti kuti nkhani ithe msanga. Kodi ku Sipeni amayembekezera kuti wopepesa abwere ndi kanthu m'manja?

Bambo Mbewe, Blantyre

Palibe mwambo wotero umene ndinauona pa malonda a pakati pa makampani, kupatula ngati mgwirizano wanu uli ndi ndime ya chindapusa cha kuchedwa, ndipo imeneyo muiwerenge lero. Kupereka kuchotsera munthu asanadandaule ndi mtundu winanso wa kupepesa mopitirira muyeso, kungoti uku kumalipidwa ndi ndalama. Mwina mayiwo ali ndi papirika wokwanira m'nkhokwe mpaka Novembala, popeza makampani a ku Murcia amagulanso wochuluka ku China ndi ku Peru, ndipo masabata atatu sawapweteka. Mukawapatsa 2 peresenti osapempha, mwawauza kuti vutoli ndi lalikulu kuposa mmene iwo amalionera. Koma chiganizo chofunsa za ntchito yawo ndikanachisiya momwemo, chifukwa ndicho chokha m'kalatamo chimene chikusonyeza kuti mukuganizira za iwo osati za inu nokha, ndipo "estudiar alternativas" sakulonjeza kanthu kupatula kukambirana. Ngati abwana akuopabe, lembani kuti "le ruego que me lo indique" n'kuika mpumiro pomwepo.

Bambo Sakala, Angonia

Ine ndikanachichotsa chonse. Munthu sufunsa wangongole ngati ali ndi dandaulo lina. Koma ndaona kuti pano ndili ndekha.

Bambo Chirwa, Limbe

Simuli nokha, Bambo Sakala, ine ndili pakati. Chidule chimene Bambo Mbewe apereka kumapetoku ndingachivomere.

Mayi Nachisale, Lilongwe

Ndatenga kalata ya Bambo Mbewe ndi chiganizo chomaliza chofupikitsidwacho, popanda kuchotsera mtengo, ndipo mgwirizano ndauwerenga, mulibe ndime ya chindapusa. Maimelo akale a mayiwo ndi a mizere iwiriiwiri, choncho mzere wa Mayi Gondwe ndausunga kuti udzalowe m'yankho. Chitsimikizo cha a sitima chafika masana ano ndipo ndichiphatikiza ku imeloyo. Ndawonjezera chiganizo chimodzi chonena zimenezo: "Le envió adjunta la confirmación de la reserva." Mawa m'mawa ndiwaimbira kaye, kenako nditumiza.

Bambo Mbewe, Blantyre

Musanatumize, Mayi, sunthani kachizindikiro ka pamwamba pa mawu achiwiriwo. "Envió" akutanthauza kuti munthu wina anatumiza kale, pamene inu mukufuna "envío", kutanthauza kuti ndikutumiza, ndipo makina oyang'ana kalembedwe sangakuchenjezeni chifukwa mawu onse awiri alipo. Chiganizocho chikhale "Le envío adjunta la confirmación de la reserva", ndipo chiikeni pambuyo pa tsiku la 28 de octubre, chiganizo cha "Le enviaré" chisanayambe. Ngati m'chikalata chophatikizacho kapena pena paliponse mwatchula katunduyo dzina, onetsetsani kuti mwalemba monga zilili mumgwirizano, chifukwa "pimentón" ndi ufa wogayidwa kale, pamene inu mukutumiza "pimiento seco", papirika wosagaya wa m'mabelo.